PHUNZIRO LACHISANU: Tikamva Kuti Kwacha Yagwa

Pa 9 Novembala 2023 ambiri a ife tinadzuka ndi nkhani ya pa wailesi yakuti Banki Yaikulu ya dziko lino, imene dzina lake ndi Reserve Bank of Malawi, yatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Pofika masana nkhaniyo inali itafika paliponse: pa chigayo, pa mjigo, m'minibasi. Ena anati ndalama zimene anthu anasunga ku banki zadulidwa pakati. Ena anati chilichonse cha m'sitolo chikwera kawiri. Tinaonanso eni magolosale ena akutseka zitseko kuti akhale pansi ndi kulemba mitengo yatsopano pa katundu amene anali ataoda mwezi wathawo.

M'phunziro lino titenga nkhani imeneyi ngati chitsanzo, ndipo tiiwerenga pang'onopang'ono monga momwe timachitira ndi mwana amene akuphunzira kuwerenga, chala chili pa mzere. Kwacha inagwapo kale m'mbuyomu, mu 1994, mu 2012 ndi mu 2022. Munthu amene wamvetsa nkhani imodzi yotere sadzavutika kumvetsa inzake. Pobwera ku msonkhano wa mphakati, aliyense atenge pensulo ndi kapepala, chifukwa pali masamu pang'ono. Musaope, ndi masamu a Sitandade 6.

Manambala awiri oyamba kuwafunafuna

Nkhani iliyonse ya kugwa kwa kwacha imakhala ndi mau ambiri, koma mtima wake ndi manambala awiri: mtengo wa dola dzulo, ndi mtengo wa dola lero. Tisanamvere ndemanga za andale kapena za akatswiri, tiyambe tapeza manambala awiriwa. M'nkhani ya mu Novembala 2023, dola imodzi ya ku Amereka imene mabanki ankagulitsa pa K1,180 inayamba kugulitsidwa pa K1,700.

Tiyenera kuiona dola ngati katundu wa pamsika, monga tomato kapena usipa. Ili ndi mtengo wake. Munthu amene akufuna kuitanitsa feteleza kapena mankhwala kuchokera kunja sangalipire ndi kwacha, chifukwa wogulitsa wa ku India kapena wa ku South Africa alibe nayo ntchito kwacha yathu. Ayenera kupita ku banki ndi makwacha ake kukagula madola. Tsono pamene akunena kuti kwacha yagwa, akutanthauza kuti dola yakwera mtengo. Ndipo si dola yokha. Randi, paundi ndi ndalama zina zakunja zimakwera limodzi nayo.

Apa tithetseretu mantha amodzi. Ndalama zimene munthu anasunga ku banki kapena m'foni sizidulidwa. Amene anali ndi K100,000 pa 8 Novembala anali nayobe K100,000 pa 9 Novembala. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa zinthu zimene ndalamayo ingagule, ndipo zimenezi tiziona bwino kutsogoloku.

Kodi 44 peresenti inachokera kuti?

Tichotse K1,180 pa K1,700. Yatsala K520. Imeneyi ndiyo ndalama imene inaonjezereka pa dola iliyonse. Tikagawa 520 ndi 1,180 tipeza 0.44, ndiye kuti 44 pa 100 aliwonse. Choncho dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti.

Tsopano tiyang'ane nkhani yomweyo kuchokera mbali inayo. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi K100,000 ndipo akufuna kugula madola. Pa mtengo wakale akanapeza madola pafupifupi 85. Pa mtengo watsopano apeza madola pafupifupi 59. Wataya madola 26 pa madola 85, ndipo tikawerengera tipeza kuti ndi pafupifupi 31 peresenti. Kodi zatheka bwanji kuti nkhani imodzi ikhale ndi mayankho awiri, 44 ndi 31?

Onse awiri ndi oona. Kusiyana kwake kuli pa nambala imene tagawira. Tikamafunsa kuti dola yakwera bwanji, timayerekeza K520 ija ndi mtengo wakale, K1,180. Tikamafunsa kuti kwacha yataya mphamvu yochuluka bwanji, timayerekeza K520 yomweyo ndi mtengo watsopano, K1,700. Zili ngati mwana ndi bambo wake ataimirira pamodzi. Ngati mwana ndi wotalika mita imodzi ndipo bambo mamita awiri, bambo waposa mwana ndi 100 peresenti, koma mwana wachepera bambo ndi 50 peresenti. Kusiyana kwa msinkhu wao ndi kumodzimodzi, mita imodzi.

Tachedwa dala pa mfundo imeneyi chifukwa imasokoneza anthu ambiri, ngakhale olemba nkhani amene. Nyuzipepala ina ikhoza kulemba 44, wailesi yakunja n'kunena 30, ndipo ife n'kumaganiza kuti wina akunama. Amene akufuna kuti nkhaniyo imveke yoopsa amasankha nambala yaikulu. Amene akufuna kutonthoza anthu amasankha yaing'ono. Kwa ife a pakhomo, nambala imene ili ndi ntchito kwambiri ndi yaikuluyo, chifukwa ndiyo imatiuza mmene katundu wochokera kunja angakwerere. Chinthu cha dola imodzi chimene chinkafika m'dziko muno pa K1,180 chinayamba kufika pa K1,700.

Chifukwa chiyani kwacha imagwa?

Gawo lachiwiri la nkhani zotere limakhala la zifukwa, ndipo muno ndi mmene mumachuluka mau ovuta. Koma gwero lake si lachilendo kwa aliyense amene anayendetsapo banja. Dziko lathu limagula kunja zinthu zambiri kuposa zimene limagulitsa. M'zaka za m'ma 2022 ndi 2023, ndalama zimene tinkalipira poitanitsa katundu zinali pafupifupi kuwirikiza katatu zimene tinkapeza pogulitsa katundu wathu kunja. Timagulitsa fodya, tiyi, shuga, mtedza, soya, nandolo ndi zina zochepa. Timagula mafuta onse a galimoto, pafupifupi feteleza yense, mankhwala ambiri a m'zipatala, makina, zitsulo za galimoto, tirigu, ngakhale kaunjika. Mpata umene umatsala umatsekedwa ndi thandizo la maiko ena, ngongole, ndi ndalama zimene abale athu okhala kunja amatumiza. Zimenezi zikachepa, madola amasowa, ndipo chinthu chosowa chimakwera mtengo.

Palinso nyengo. Madola amalowa ambiri pamene misika ya fodya ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ili yotsegula, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti kapena Sepitembala. Misikayi ikatsekedwa, ndi pamene dziko limafunanso madola ambiri ogulira feteleza wa dzinja. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka ndi nthawi imene kwacha imapanikizika kwambiri.

M'nkhanizi mudzamvanso za thumba la ndalama zakunja limene Banki Yaikulu imasunga. Limayezedwa ndi miyezi: kodi ndalama zimene zilimo zingagulire dziko katundu kwa miyezi ingati ngati palibe dola ina imene yalowa? Ndi chimodzimodzi kusuzumira m'nkhokwe ndi kufunsa kuti chimanga ichi chitifikitsa mwezi uti. Akatswiri amati thumbali lisamachepere miyezi itatu. Tikamva kuti latsika kufika pa mwezi umodzi kapena kucheperapo, tidziwe kuti mizere ya mafuta siili kutali.

Ndiye pali funso limene anthu amafunsa mokwiya, ndipo n'lomveka: ngati Banki Yaikulu ndi imene imalengeza mtengo, bwanji osangousiya pomwe unali? Yankho lake lili pa msika wamseri, umene ambiri amautcha bulaki maketi. Boma likhoza kulamula kuti dola igulitsidwe pa K1,180, koma silingalamule kuti madolawo apezeke. Miyezi ya Novembala 2023 asanafike, wamalonda akapita ku banki ankauzidwa kuti adikire, ndipo ambiri ankakagula madola kuseri pa mtengo wokwera kwambiri. Nayenso munthu amene anali ndi madola sankafuna kukawagulitsa ku banki pa mtengo wotsika. Motero mtengo wa boma unali wa papepala chabe kwa anthu ambiri, ndipo opindula anali ochepa aja amene ankatha kupeza madola otsika mtengo ku banki. Kutsitsa mphamvu ya kwacha kunali kuyesa kufikitsa mtengo wa boma pafupi ndi mtengo umene anthu ankalipira kale.

Nkhaniyo inatchulanso bungwe la IMF, limene limabwereketsa ndalama ku maiko amene asowa ndalama zakunja. Patangopita masiku ochepa kwacha itagwa, bungweli linavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni, yoti iperekedwe pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Kukonza mtengo wa kwacha inali imodzi mwa mfundo zimene bungweli linkafuna. Powerenga, tisamale ndi mau akuti "lavomereza". Kuvomereza si kupereka. Dziko lathu linalandira gawo loyamba lokha, ndipo mgwirizanowo unatha mu Meyi 2025 zaka zinayi zija zisanakwane.

Njira imene nkhaniyi imadzera pofika pakhomo

Ambiri a ife sitinagwirepo dola m'manja, ndipo wina akhoza kunena kuti zimenezi n'za anthu a m'tauni. Koma dola imalowa m'nyumba iliyonse, ndipo khomo lake loyamba ndi mafuta a galimoto. Mafuta athu amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amalipiridwa ndi madola. Kwacha itangogwa, bungwe la MERA, limene limaika mitengo ya mafuta ndi magetsi, linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Mukawerengera nokha mupeza kuti petulo anakwera ndi pafupifupi 45 peresenti ndipo dizilo ndi 42 peresenti. Manambalawa ali pafupi kwambiri ndi 44 uja, chifukwa mafuta ndi katundu wakunja pafupifupi yense.

Dizilo akakwera, chigayo chimakwera. Lole yonyamula chimanga kuchokera ku Mchinji kupita ku Blantyre imakwera. Minibasi ndi kabaza wa njinga yamoto zimakwera. Motero ngakhale chinthu chimene chalimidwa kuseri kwa nyumba yathu chimakhudzidwa chikangokwera galimoto.

Koma si zinthu zonse zimene ziyenera kukwera mofanana, ndipo apa ndi pamene munthu wodziwa kuwerenga nkhani amasiyana ndi amene wangomva mphekesera. Titenge chitsanzo chongoyerekeza cha sopo wopangidwa m'dziko muno amene ankagulidwa pa K1,000. Tinene kuti pa K1,000 imeneyi, K600 ndi ya zinthu zochokera kunja, monga mafuta opangira sopoyo, mankhwala ake ndi dizilo womunyamulira, ndipo K400 ndi ya zinthu za konkuno, monga malipiro a antchito, lendi ndi phindu la wogulitsa. Kwacha ikagwa monga inagwera, gawo lakunja lija limachoka pa K600 kufika pa K864. Gawo la konkuno silisintha tsiku lomwelo. Sopo uja ayenera kufika pa K1,264, kutanthauza kuti wakwera ndi 26 peresenti. Ngati tampeza pa K2,000, pali china chimene chaonjezeredwa chimene si kugwa kwa kwacha.

Ndipo ngati kampani yopanga sopoyo inkagula kale madola ku msika wamseri, ndiye kuti mtengo wa K1,000 uja unali utasenza kale gawo lina la kugwa kwa kwacha nkhani isanalengezedwe. Katundu wotere sayenera kukweranso ndi 44 peresenti yonse.

Tisafulumire kuweruza mwini golosale wa m'mudzi mwathu. Iye amaganiza za mawa: akagulitsa katoni ya sopo pa mtengo wakale, ndalama imene apeze siikwana kuodera katoni ina, ndipo golosale idzatha. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma kukweza mtengo kuti uthe kuodanso n'kosiyana ndi kukweza kawiri chifukwa anthu ali ndi mantha, kapena kubisa shuga kuchipinda podikira kuti akwere. Mchitidwe wachiwiriwu tiyenera kuutchula dzina lake, ndi dyera, ndipo dziko lathu lili ndi bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda limene limalandira madandaulo otere.

Banja limodzi, mwezi umodzi

Tiyerekeze banja la pa boma lina limene limapeza K150,000 pa mwezi, kuphatikiza malipiro a bambo ndi geni ya mayi ya mandasi. Manambala awa ndi ongophunzirira, banja lililonse liike ake. Tigawe ndalama zimene banjali limagwiritsa ntchito m'milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene zimadalira kwambiri dola: mafuta ophikira, ufa wa tirigu wa mandasi aja, sopo, thiransipoti, mankhwala ogula ku famase. Tinene kuti ndi K50,000. Mulu wachiwiri ndi wa zinthu za konkuno: chimanga, masamba, nyemba, usipa, makala. Tinene kuti ndi K70,000. Mulu wachitatu ndi wa zinthu zimene mtengo wake unapanganidwa kale ndipo susintha msanga, monga lendi ndi ndalama za kusukulu. Imeneyi ndi K30,000.

Kwacha ikagwa, mulu woyamba umakwera m'masiku ochepa. Tikauwerengera pa 44 peresenti yonse, K50,000 ifika pa K72,000. Mulu wachiwiri umatsatira pambuyo, kudzera ku thiransipoti ndi chigayo. Tinene kuti wakwera ndi 15 peresenti, ndiye kuti K70,000 ifika pa K80,500. Mulu wachitatu ukadali pa K30,000. Zonse pamodzi ndi K182,500. Banja lija likufunika K32,500 yoonjezera kuti lidye ndi kusamba monga linkachitira mwezi wathawo. Moyo wake wakwera ndi pafupifupi 22 peresenti, osati 44.

Izi si zotonthoza kwenikweni, chifukwa K32,500 imeneyo palibe kumene ichokere. Mitengo imathamanga, malipiro amayenda chokwawa. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola anakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, koma izi zinayamba mu Febuluwale 2024, miyezi itatu kwacha itagwa, ndipo anthu a maganyu ndi a geni lamuloli siliwafikira. Mulu wachitatu nawo sukhala chete mpaka kalekale. Mwini nyumba nayenso amagula sopo, ndipo pakatha miyezi ingapo adzagogoda.

Chimene timaona m'mabanja ambiri n'chakuti mpata umenewu umatsekedwa mwakachetechete. Mafuta amachepa mu ndiwo. Chakudya cha m'mawa chimasowa. Wodwala amamwa theka la mankhwala kuti afike kumapeto kwa mwezi. Mayi uja amatapa mpamba wa mandasi n'kugulira ufa, ndipo pakatha milungu itatu geni yagwa. Phindu la kulemba milu itatu ija n'lakuti bambo ndi mayi amaona pamodzi pamene ndalama ikuthawira, m'malo moti wina aziganizira mnzake kuti akuwononga. Mayi wa mandasi ayeneranso kuwerengera mwatsopano mtengo wa ufa, mafuta, shuga ndi makala pa beseni limodzi, chifukwa akapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale poopa kuthawitsa makasitomala, ndiye kuti akudyetsa mudzi ndi mpamba wake.

Kodi alipo amene amapindula?

M'nkhani zotere simulephera kupezeka mau akuti kugwa kwa kwacha kuthandiza alimi ndi onse ogulitsa katundu kunja. Mauwa ali ndi choona chake, koma tiwayese ndi kalendala.

Fodya amagulidwa m'madola. Tiyerekeze mlimi amene wagulitsa makilogalamu 1,000 pa madola awiri kilogalamu imodzi. Wapeza madola 2,000. Pa K1,180 ndalamayi ndi K2,360,000, pamene pa K1,700 ndi K3,400,000. Mabanki amagula dola pa mtengo wotsikirapo pang'ono kuposa umene amagulitsira, ndipo pamakhalanso zodula zina, koma chithunzi chake ndi chimenechi. Kusiyana kwake n'koposa K1,000,000. Komabe kwacha inagwa mu Novembala, pamene mlimi anali atagulitsa kale fodya wa chaka chimenecho pa mtengo wakale wa dola. Chimene chinali patsogolo pake ndi kugula feteleza. Thumba limene tingaliyerekeze kuti ndi la madola 50 linachoka pa K59,000 kufika pa K85,000. Mlimiyo analipira mtengo watsopano mu Novembala ndi Disembala, ndipo phindu lake anayenera kulidikira mpaka msika wa Epulo. Amene analibe ndalama yoonjezera anagula matumba ochepa, n'kukolola fodya wochepa. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mlimi wa chimanga chodya pakhomo ndiye alibe mbali yopindulira. Amagula feteleza wa madola koma sagulitsa kanthu m'madola. Banja limene limalandira ndalama kuchokera kwa mwana wa ku Joni limapeza makwacha ochuluka pa randi iliyonse ngati ndalamayo ikudzera ku banki kapena ku makampani ovomerezeka otumiza ndalama. Ngati inkadzera m'manja mwa anthu pa mtengo wamseri, kusintha kwake kumakhala kochepa, chifukwa mtengo umenewo unali utakwera kale.

Nambala yachitatu: kukwera kwa mitengo

Pakapita milungu ingapo kwacha itagwa, pamabwera nkhani ina kuchokera ku ofesi ya boma yowerengera zinthu imene ili ku Zomba. Ofesiyi imayendera misika mwezi uliwonse ndi kulengeza mmene mitengo yakwerera poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chathacho. Mu Okotobala 2023 nambalayi inali pafupifupi 27 peresenti. Mu Novembala inadumpha kufika pa 33, ndipo mu Januwale 2024 inafika pa 35 peresenti. Tione zinthu ziwiri. Choyamba, mitengo inali ikukwera kale kwacha isanagwe, mwa zina chifukwa namondwe wa Freddy anali atawononga mbewu m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023. Si chilichonse chimene tingachikankhire pa kwacha. Chachiwiri, 35 peresenti ikutanthauza kuti dengu la zinthu limene linkagulidwa pa K100,000 mu Januwale 2023 linkafuna K135,000 mu Januwale 2024.

Apa ndi pamene tibwerere kwa munthu uja anasunga K100,000. Ngati anaikwirira m'nyumba chaka chonse, ikadali K100,000, koma ikugula magawo atatu okha mwa magawo anayi a dengu lija. Ngati anaisunga pamalo pamene inabereka chiwongoladzanja cha 10 peresenti, ali ndi K110,000, ndipo dengu likufuna K135,000. Pa pepala wapindula, pa msika waluza. Magulu athu a banki m'khonde ayenera kuyeza phindu lao la pa chaka ndi nambala imeneyi asanaombe m'manja pa tsiku logawana. Banja limene likusungira feteleza kapena malata lingachite bwino kugula katunduyo pang'onopang'ono ndalama ikapezeka, kusiyana ndi kudikira kuti ikwane yonse. Koma kukatenga katapila kuti tigule zinthu zisanakwere ndi kuthawa mvula n'kugwera m'chitsime, pakuti chiwongoladzanja cha katapila pa mwezi umodzi chimatha kuposa kukwera kwa mitengo kwa chaka chathunthu.

Ngongole za ku banki nazo zimakhudzidwa. Pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo, Banki Yaikulu imakweza chiwongoladzanja chimene mabanki ena amayendera. Kumayambiriro kwa 2024 inachikweza kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Amene ali ndi ngongole ya ku banki afunse ngati chiwongoladzanja chake n'chokhazikika kapena chimasintha, chifukwa ngati chimasintha, ndalama yodulidwa pa mwezi ikhoza kukwera ngongoleyo isanathe.

Pali msampha wina wa mau umene umakola ambiri. Tsiku lina wailesi idzanena kuti nambala ya kukwera kwa mitengo yatsika, tinene kuchoka pa 35 kufika pa 28 peresenti. Ife tikapita ku msika n'kupeza kuti palibe chimene chatsika, timati boma likunama. Koma nkhaniyo sinanene kuti mitengo yatsika. Yanena kuti mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lake lachepa. Basi imene inkathamanga kwambiri ikachepetsa liwiro, sikuti yayamba kubwerera m'mbuyo.

Tingadziwe bwanji ngati mankhwalawo agwira?

Kutsitsa mphamvu ya kwacha kumafanizidwa kawirikawiri ndi mankhwala owawa. Ife amene timamwa mankhwalawo tili ndi ufulu wofunsa ngati matenda achepa. Sitifunika kukhala akatswiri. Tingayang'ane ngati mizere ya mafuta yatha, ngati amalonda akupeza madola ku banki, ndiponso ngati mtengo wa dola wa ku banki ndi wa kuseri zayandikana ndi kukhalabe choyandikana. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 mitengo iwiriyi inayandikana kwa kanthawi. Koma chakumapeto kwa 2024 mizere ya mafuta inabwereranso, ndipo kumayambiriro kwa 2025, pamene mtengo wa ku banki unali pafupifupi K1,750, dola ya kuseri inkagulidwa pa mtengo woposa kuwirikiza kawiri. Chifukwa chake n'chakuti kusintha mtengo wa dola pakokha sikuonjezera katundu amene timagulitsa kunja, ndipo sikuletsa boma kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera. Awa ndiwo mafunso oyenera kufunsa phungu wathu akabwera kudzachititsa msonkhano: boma likubwereka zingati chaka chino, ndipo n'chiyani chatsopano chimene dziko layamba kugulitsa kunja?

Ntchito ya pa gulu

Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Gawanani awiriawiri, ndipo muwerengere kuti dola inakwera ndi maperesenti angati, kenaka kuti kwacha inataya mphamvu ndi maperesenti angati. Mtsogoleri wa gulu adziwe kuti kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi K82. Kugawa 82 ndi 168 kupereka pafupifupi 49 peresenti, ndipo kugawa 82 ndi 250 kupereka pafupifupi 33 peresenti. Manambala onse awiri anamveka m'nkhani za nthawi imeneyo.

Mukatha, aliyense alembe zinthu khumi zimene banja lake linagula mwezi watha, ndi kuziika m'milu itatu ija. Padzakhala mtsutso pa zinthu zina, monga shuga amene amalimidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa koma amafuna feteleza, makina ndi dizilo, kapena nkhuku zoyera zimene zimadya chimanga ndi soya wa konkuno koma katemera wake ndi wakunja. Musathamangire kuthetsa mtsutsowo. Pa chinthu chilichonse, funsanani kuti pa K1,000 iliyonse ya mtengo wake, ndi ndalama zingati zimene mukuganiza kuti zimatuluka kunja kwa dziko, ndipo mapepalawo mubwere nawo pa msonkhano wotsatira.